Chithunzi chikauma pakati pa macheza, musathamangire kugula bandulo ina

"Halo, mukundimva? Mwaima. Tabwerezaninso, munadukaduka." Mawu amenewa ndi odziwika kwa aliyense amene amayimba foni ya kanema, kaya pa WhatsApp pocheza ndi mwana wake wa ku Joni, kaya pa Zoom pamsonkhano wa kuntchito. Nkhope ya mnzanu imauma pakamwa pali yasa, kapena imasanduka timabokosi tambirimbiri moti simungasiyanitse mphuno ndi diso. Zikatero ambiri timangoti netiweki yavuta, ena n'kugula bandulo yokulirapo poganiza kuti zinthu zisintha. Nthawi zambiri sizisintha, chifukwa vuto silinali kunja. Linali m'nyumba momwemo, pa mtunda wa mamita ochepa pakati pa foni ndi rauta.

Intaneti ya wayifayi imayenda maulendo awiri. Ulendo woyamba ndi wochokera pa foni kapena laputopu yanu kukafika pa rauta, kabokosi kothwanimathwanima kaja kamene kali pabalaza kapena ka m'thumba kotchedwa MiFi. Umenewu ndiye wayifayi. Ulendo wachiwiri ndi wochokera pa rauta kupita kunja, kudzera pa nsanja ya kampani ya mafoni ngati rauta yanu ndi ya simukhadi, kapena kudzera pa waya wolowa m'nyumba. Bandulo imene mumagula imakhudza ulendo wachiwiri wokha. Ngati woyambawo ndi umene ukupunduka, ngakhale mutagula deta ya mwezi wonse chithunzi chidzaumabe. Ndiye ntchito yaikulu ndi kudziwa ulendo umene wavuta, ndipo zimenezi zimatheka popanda kulipira munthu.

Pali chinthu chimodzi chimene chimasokoneza anthu. Munthu amati, "Koma YouTube ikuyenda bwinobwino pamalo omwewa, nanga Zoom ikuvutiranji?" YouTube ili ngati mayi amene amatungiratu madzi mumgolo: mpopi ukasiya kutuluka kwa kanthawi, pakhomo saona vuto chifukwa akugwiritsa ntchito otungiratu aja. Kanema amene mukuonera foni imakhala itamukoperatu masekondi angapo akutsogolo. Macheza a pompopompo alibe mgolo. Zimene mnzanu adzanene pakatha masekondi asanu sizinanenedwe, choncho palibe chotungiratu. Wayifayi ikangodukiza theka la sekondi, inu mumaona nthawi yomweyo.

Izi zikutanthauza kuti foni ya kanema sifuna liwiro lalikulu kwenikweni, imafuna kusadukiza. Akampani ya Zoom amati anthu awiri akamayankhulana pa kanema wooneka bwino ndithu, 600 kbps imakwana, ndipo kanema wa 720p amafuna 1.2 Mbps potumiza ndi polandira. Mawu okha safika ndi 100 kbps pomwe. Manambala amenewa ndi ochepa kwambiri poyerekeza ndi amene 4G yabwino imapereka. Intaneti ya 3 Mbps yoyenda mosadukiza imaposa ya 30 Mbps imene imabwera n'kumasowa.

Mawu ndi zithunzi zimatumizidwa m'tizidutswa tating'ono totchedwa mapaketi. Wayifayi ikafooka, mapaketi ena amawonongeka panjira ndipo foni imawatumizanso, motero amafika mochedwa, pamene ena safika n'komwe. Pulogalamu ikaona kuti njira yachepa, imachepetsa dala ubwino wa chithunzi kuti mawu apulumuke, ndipo m'pamene mumaona chimbuuzi ndi timabokosi tija. Kuuma kwa chithunzi kuli ndi chifukwa china. Pofuna kusunga deta, kanema satumiza chithunzi chathunthu nthawi iliyonse. Amatumiza chathunthu kamodzi, kenako n'kumatumiza zokhazo zimene zasintha, monga milomo kapena dzanja. Paketi imodzi yofunika ikatayika, zotsatira zake zimasowa pomangirira, ndiye chithunzi chimaima kudikira chathunthu china. N'chifukwa chake nthawi zina mumamva munthu akuyankhula bwinobwino koma nkhope yake ili chiumire.

Musanayambe kukankha mipando, funsani kaye kuti vuto lili kwa ndani. Pamsonkhano wa anthu ambiri n'zosavuta. Ngati munthu mmodzi yekha ndi amene wauma pomwe ena onse akuoneka bwino, vuto lili kwa iyeyo, inu khalani phee. Ngati onse auma pamodzi, ndi kwanu. Ndipo ngati inu mukuwaona bwino koma iwo akudandaula kuti mukuoneka mwa timabokosi, ndiye kuti mbali yanu yotumizira ndi imene yatsamwa, nkhani imene tiibwerere kutsogoloku. Pa Zoom uthenga woti "Your Internet connection is unstable" ukatuluka pa sikirini yanu, ukunena za inuyo.

Mayeso osavuta kuposa onse ndi a miyendo. Nyamulani foni mukaime pafupi ndi rauta, mamita awiri kapena atatu, popanda khoma pakati. Chithunzi chikayera pasanathe theka la mphindi, mwapeza wolakwa: ndi wayifayi. Chikapitiriza kuuma muli pomwepo, vuto lili pa ulendo wachiwiri uja kapena pali wina m'nyumba amene akumeza intaneti yonse. Timizere ta wayifayi tooneka pamwamba pa foni musatikhulupirire kwambiri. Timasonyeza mphamvu ya siginolo yochokera ku rauta, koma sitinena kanthu za phokoso la marauta a aneba, ndiponso sitinena ngati rautayo ikuimva bwino foni yanu ikamayankha.

Kwa amene ali ndi laputopu, pali njira yoonera vutoli ndi maso. Tiyerekeze kuti mtsikana wina ali ndi mayeso olowera ntchito pa Zoom mawa m'mawa. Akufuna kukhala kuchipinda chake chifukwa pabalaza pamakhala phokoso. Rauta ya simukhadi ili pabalaza, pansi, kuseri kwa wailesi yakanema, ndipo pakati pa rautayo ndi chipinda chake pali makoma awiri a njerwa zootcha. Poyeserera ndi mnzake madzulo, chithunzi chikuuma pafupipafupi.

Pa Windows atsegula Command Prompt n'kulemba:

```
ipconfig
```

Pa mzere wolembedwa Default Gateway pali nambala ya rauta yake. Marauta ambiri amakhala ndi 192.168.1.1 kapena 192.168.0.1, ndipo a Huawei a simukhadi kawirikawiri amakhala ndi 192.168.8.1. Tinene kuti yake ndi yomalizayi. Kenako alemba:

```
ping -n 30 192.168.8.1
```

Lamuloli limagogoda pa rauta maulendo 30 n'kuwerenga nthawi imene yankho lililonse latenga. Silituluka kunja kwa nyumba ndipo silidya bandulo, choncho chimene likuyeza ndi wayifayi yokha. Wayifayi ikakhala yabwino, mayankho amabwera mofanana, pa 2ms, 4ms, 3ms, osapitirira 10ms kawirikawiri. Kuchipinda kwa mtsikanayu akubwera mosokonekera: 5ms, kenako 180ms, kenako 12ms, kenako 640ms, ndipo katatu patuluka mawu oti Request timed out. Kumapeto palembedwa 10% loss, kutanthauza kuti pa mapaketi khumi alionse imodzi ikutayika isanafike ngakhale pabalaza. Zoom imalangiza kuti otayika asapitirire 2 pa 100 alionse. Apa palibenso chifukwa choyimbira kampani ya intaneti, iwo sanalakwe.

Akanyamula laputopu kupita pabalaza n'kubwereza lamulo lomwelo, mayankho onse akhala pansi pa 5ms ndipo palibe lotayika. Kuti atsimikize za ulendo wachiwiri, ali pabalaza pomwepo, alemba:

```
ping -n 30 8.8.8.8
```

Nambala iyi ndi ya kompyuta ya Google, ndiye mapaketi akutuluka kunja tsopano. Manambala akhala okulirapo, mwina makumi angapo kapena kupitirira 100ms, ndipo zimenezo si zodetsa nkhawa. Chofunika n'choti azikhala oyandikana ndipo pasakhale otayika. Zikakhala choncho ndiye kuti kunja kuli bwino, vuto ndi makoma awiri aja.

Mankhwala ake ndi kusuntha rauta kapena kusuntha munthu. Siginolo ya wayifayi imafooka ikamadutsa mu chilichonse, koma zinthu sizifanana. Chitseko cha thabwa ndi galasi wamba zimaidula pang'ono. Khoma la njerwa limaidula kwambiri, la konkire loikamo zitsulo limaposa apo, ndipo chitsulo chenicheni, monga firiji, kabati yachitsulo kapena malata, chimaibweza. Madzi nawo amaimeza, kotero mgolo wodzaza kapena chipinda chodzaza anthu zimachepetsa mphamvu yake. Choncho malo oipitsitsa oika rauta ndi amene ambiri timawakonda chifukwa ndi obisika: pansi pakona, m'kabati, kuseri kwa wailesi yakanema. Iyenera kukhala pamwamba, pa shelefu kapena pakhoma, poonekera. Mtsikana uja atangoikweza pa shelefu ya pafupi ndi khomo la kolido, khoma limodzi lichoka pa njira, ndipo akasiya chitseko cha kuchipinda chotsekula pang'ono, siginolo ipeza podutsa.

Rauta ya simukhadi ili ndi vuto lake lapadera limene malangizo ambiri olembedwera mayiko a intaneti ya waya satchula. Amati ikani rauta pakati pa nyumba. Koma rauta yotere imafunanso kumva nsanja ya kunja, ndipo pakati pa nyumba ya njerwa yofolera malata ndi pamene imamva movutikira. Mukaikokera pakati mukonza ulendo woyamba n'kuwononga wachiwiri. Ine ndimaona kuti ndi bwino kusankha zenera la chipinda chimene mumayimbiramo foni, kapena choyandikana nacho, n'kuyang'ana timagetsi ta siginolo pa rautayo kuti muone ngati tikuyaka tokwanira. Wa MiFi alibe chodandaula: aichotse m'chikwama kapena m'thumba la thalauza, aiike pazenera, iye akhale pafupi. Angoonetsetsa kuti dzuwa silikuiwomba, chifukwa ikatentha imachedwa.

Marauta ambiri atsopano amaulutsa wayifayi pa njira ziwiri, ya 2.4 GHz ndi ya 5 GHz, ndipo nthawi zina mumaona mayina awiri ofanana, limodzi lothera ndi 5G. Imeneyo si 5G ya makampani a mafoni ayi, ndi 5 GHz. Ya 2.4 GHz imafika patali ndipo imaboola makoma bwinoko, koma ndi yodzaza: marauta a aneba, zomvera m'makutu za Bluetooth ndi maikolowevu zonse zimagwiritsa ntchito dera lomwelo. Ngati chithunzi chimauma nthawi iliyonse wina akamatenthetsa chakudya kukhitchini, musadabwe. Ya 5 GHz ndi yothamanga ndiponso yopanda phokoso lambiri, koma khoma limaifooketsa msanga. Lamulo lake ndi lalifupi. Mukakhala chipinda chimodzi ndi rauta kapena kuseri kwa khoma limodzi, sankhani 5 GHz. Mukakhala kutali, bwererani ku 2.4 GHz. M'nyumba zogundizana kapena za mdadada momwe foni imaonetsa mayina a wayifayi khumi ndi kupitirira, 5 GHz imathandiza kwambiri. Amene amadziwa kulowa mu zosintha za rauta angayesenso kusintha tchanelo cha 2.4 GHz, kusankha pakati pa 1, 6 ndi 11, chifukwa atatu amenewa ndi amene salowererana.

Tsopano za kutsamwa kwa mbali yotumizira kuja. Intaneti ya pakhomo nthawi zambiri imakhala ndi njira yaikulu yolandirira koma yaing'ono yotumizira, ndipo foni ya kanema imadalira zonse ziwiri. Mbala zazikulu za njira yotumizirayi sizioneka. Mwana wabwera ku ukwati ndi mavidiyo odzaza foni, wangolowa m'nyumba foni yake yalumikiza ku wayifayi, ndipo Google Photos kapena iCloud yayamba kukweza zonsezo mwakachetechete. Mwiniwake atha kulumbira kuti sakugwiritsa ntchito intaneti, ndipo sakunama, foni ili patebulo. Laputopu nayo imatha kuyamba kukopera Windows Update pa nthawi yolakwika. Njira ikadzaza, mapaketi a nkhope yanu amaima pamzere kuseri kwa mavidiyo a ukwati. Mungazione pa fast.com: mayeso akatha dinani Show more info, muone liwiro la Upload komanso manambala awiri a Latency. Ngati ya Loaded yakwera kufika mazana angapo pomwe ya Unloaded ili yochepa, intaneti yanu imatsamwa ikapatsidwa katundu. Pa msonkhano wofunika, kupempha a m'nyumba kuti asiye kuonera TikTok sikokwanira. Apempheni azimitse wayifayi pa mafoni awo.

Zinthu zikavuta macheza ali mkati mulibe nthawi yolemba malamulo pa kompyuta. Tsatirani izi motsatana, ndipo zikangoyera lekerani pomwepo:

1. Funsani ngati ena akuonana bwino. Ngati wauma ndi munthu mmodzi, vuto si lanu.
2. Yandikirani rauta, kapena tsekulani chitseko chimene chili pakati.
3. Zimitsani kamera yanu kwa kanthawi. Mawu amafuna deta yochepa kwambiri, ndipo ndi bwino kumveka osaoneka kusiyana ndi kusowa zonse.
4. Tsekani mapulogalamu ena ndi masamba ena onse, ndipo imitsani chilichonse chimene chikukopedwa kapena kukwezedwa.
5. Uzani a m'nyumba achotse mafoni awo pa wayifayi.
6. Ngati muli pafupi ndi rauta, sinthirani ku dzina la 5 GHz.
7. Zimitsani wayifayi pa foni n'kuiyatsanso, kapena tulukani mu msonkhano n'kulowanso.
8. Zikakanika, zimitsiranitu wayifayi mugwiritse ntchito deta ya m'foni. Wa laputopu alumikize foni ndi chingwe cha USB n'kuyatsa USB tethering.
9. Kuzimitsa rauta kukhale komaliza. Izuleni kumagetsi, dikirani masekondi 30, ilumikizeninso, ndipo dziwani kuti mukhala kunja kwa msonkhano mphindi ziwiri kapena zitatu.

Pa mfundo yomalizayi chenjerani. Kuseri kwa rauta kuli kabowo kolembedwa Reset. Kameneko sikozimitsira. Mukakabaya ndi singano n'kugwira, rauta imafufuta dzina ndi pasiwedi zimene munaika n'kubwerera mmene inalili pogulidwa, ndipo mutha kutaya madzulo onse mukuikonzanso.

Mfundo ya nambala 8 ili ndi chifukwa chake. Foni imakakamira wayifayi imene ikuidziwa ngakhale yatsala kamzere kamodzi, pomwe 4G ya pamalopo ikanayenda bwino. Zimachitika kwambiri pakhonde, pabwalo kapena pageti, m'malire a siginolo. Mafoni a iPhone ali ndi Wi-Fi Assist ndipo a Samsung ali ndi Switch to mobile data, zimene zimasinthira zokha ku deta wayifayi ikafooka, koma mukaziyatsa muziyang'anira bandulo yanu.

Musanayimbe n'komwe, pali zosintha ziwiri zothandiza. Pa WhatsApp, lowani mu Settings, kenako Storage and data, muyatse Use less data for calls.  Pa Zoom ya pa kompyuta, mu Settings pa gawo la Video, chotsani chizindikiro pa HD. Palibe bwana amene anakana kulemba munthu ntchito chifukwa choti tsitsi lake silinaoneke limodzilimodzi. Mu Settings momwemo muli Statistics, mmene mumaoneka Latency, Jitter ndi Packet Loss msonkhano uli mkati. Latency ikakhala pansi pa 150ms ndi Jitter pansi pa 40ms, muli pabwino.

Si kuuma konse kumene kumachokera ku wayifayi. Ngati ping ya ku rauta ili bwino koma ya 8.8.8.8 ikutaya mapaketi, makamaka madzulo anthu ambiri akakhala pa intaneti, ndiye kuti nsanja ya m'dera lanu yalemedwa, kapena bandulo yanu yafika pa malire amene kampani imachepetsa liwiro. Kusuntha mipando sikungathandize pamenepo. Yesani simukhadi ya kampani ina kapena sinthani ola loyimbira. Ndipo ngati ma ping onse awiri ali bwino koma foni yatentha kapena fani ya laputopu ikulira kwambiri, chipangizocho ndi chimene chatopa. Chotsani chithunzi chongopeka cha kumbuyo kwanu ngati munaika, vulani foni chikuto, ndipo musaitchaje uku mukuyimba padzuwa.

Kwa amene amayimba tsiku ndi tsiku ndipo makoma sangawagwetse, ndalama yoyamba ipite ku waya wa Ethernet. Ndi wotchipa poyerekeza ndi zida zina, amagwira bwino mpaka mamita 100, ndipo amachotseratu ulendo woyamba uja, bola rauta yanu ikhale ndi polowetsa waya wolembedwa LAN. Laputopu yopanda polowetsa imafuna ka adaputala ka USB. Kachida kowonjezera siginolo kamene amagulitsa m'mashopu ndimakakayikira. Kamangobwereza zimene kamva, ndipo kotchipa kamadula liwiro pafupifupi ndi theka chifukwa kamamvera ndi kuyankhula pa njira imodzi. Choipa kwambiri n'choti anthu amakaika m'chipinda chomwe chili ndi vutocho, mmene kakumva siginolo yofooka kale. Foni imaonetsa timizere todzaza koma chithunzi chimaumabe. Ngati munagula kale, kaikeni pakatikati, pamene siginolo ya rauta idakali yamphamvu.

Ngati muli ndi msonkhano wofunika mawa, yeserani lero ndi mnzanu, pa mpando womwewo ndi pa ola lomwelo, ndipo mugule kabandulo kakang'ono ka m'foni koti kadzakupulumutseni wayifayi ikadzakana.